Amene mukudyetsa apusi nthochi, mukuwaitanira m'makhitchini mwa anzanu

Akonzi,

Loweruka lapitali, panyumba ina yogona alendo kuno m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, wantchito anatuluka ndi phava la nthochi n'kumaponyera apusi kuti alendo ajambule zithunzi. Lolemba m'mawa gulu lomwelo linalowa m'khitchini mwa mayi wina wachikulire amene amaphika mandasi ogulitsa, nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Anaswa tuleyi yonse ya mazira 30, anang'amba thumba la fulawa, anagubuduza shuga, ndipo mandasi amene anali m'beseni anathera pamwamba pa malata. Mpamba wa mlungu wonse unatha m'mphindi zosakwana 10. Eni nyumba ya alendoyo atauzidwa anangoti nyama ndi nyama. Kodi mayiwa akalipirire ana sukulu ndi zithunzi za alendo anuzo?

Pusi sabadwa akudziwa khitchini, amachita kuphunzira, ndipo omuphunzitsa ndife. Kutchire gulu la apusi limatha tsiku lonse likufunafuna zipatso, masamba ndi tizilombo. Likapeza kuti pakhomo pakutipakuti mkute wa nsima ndi makoko a nthochi zimapezeka m'mawa uliwonse, limaika khomolo panjira yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo ana amatengera kwa amayi awo. Amene walandirapo chakudya m'manja mwa munthu ndiye woopsa koposa, chifukwa mantha amamuthera. Akaona mwana atanyamula mpukutu wa buledi samupempha, amamulanda. Amadziwanso kusiyanitsa anthu. Bambo akatulukira amathawa, koma amayi ndi ana amawaderera. Mukaona pusi osasuntha pamene mwamukuwiza, m'malo mwake n'kukutong'olerani maso, dziwani kuti alipo wina m'dera lanu amene akumudyetsa.

Choyamba kukonza ndi zinyalala, pakuti n'zimene zimawakoka asanaganize n'komwe za khitchini. Bini ya pulasitiki ya chivundikiro chongoikapo siithandiza kanthu. Pusi amachitukula ndi dzanja limodzi, ndipo nyani, kwa amene muli kufupi ndi mapiri monga ku Dzalanyama, amangoigwetsa kuti zonse zikhuthuke. Chofunika ndi mgolo wachitsulo wa malita 200. Wowotcherera zitsulo adule pamwamba, aike chivundikiro cha mahinjesi awiri, ndipo kutsogolo aike hasipu yolowetsapo loko. Mwala wotsamiza pamwamba, chingwe cha mphira kapena kachitsulo kongokankha, zonsezi amazizindikira pasanathe masiku ambiri, pakuti zala zawo zimagwira ngati zathu. Mgolowo umangidwe ndi tcheni kumzati wokumbiridwa pansi kuti usagubuduzike, ndipo pansi pake muboole timabowo 4 kapena 5 kuti madzi a mvula asamadikhe n'kuyamba kununkha.

Makomo ambiri tili ndi dzala kuseri kwa nyumba. Dzala losavundikira n'chimodzimodzi kuwapakulira chakudya m'mbale. Makoko ndi zotsala mukataya, fotserani dothi lokwana masentimita 15 nthawi yomweyo, kapena konzani chivundikiro cha lata lokhomera pamatabwa, cholemera komanso chokhoma. Apusi amayenda masana okha, usiku amagona m'mitengo, ndipo amavuta kwambiri m'mawa ndi chakumadzulo. N'chifukwa chake mbale za usiku zisamagone panja, chakudya cha agalu chiziperekedwa kukada n'kuchotsa mbaleyo kusanache, ndipo madeya a nkhuku asamamwazidwe pabwalo.

M'khitchini mwa mayi aja apusi sanathyole chitseko. Anadutsa pazitsulo zotchinga akuba za pawindo, zimene zinatalikirana masentimita 12. Zitsulo zimenezi anazipangira munthu, pamene pusi wamkulu amalemera makilogalamu 4 kapena 5 okha, ndipo pomwe mutu wake wadutsa thupi limatsatira. Tengani tepi muyeze. Mpata ukaposa masentimita 4, ana awo atha kulowa. Sefa wotchinga udzudzu musamudalire, amamung'amba ndi zikhadabo. Ikani waya wolimba wowotcherera, wa mabowo a masentimita 2.5, womangidwa pazitsulozo ndi waya wina m'makona onse ndi pakati. Ndipo pawindo pasamaoneke nthochi, tomato kapena buledi, chifukwa pusi amasaka ndi maso. Ufa, mpunga ndi shuga zikhale m'zidebe zotseka, m'kabati yokhoma.

Dimba la pakhomo limafuna khola lathunthu, lokhala ndi denga. Ambiri amataya ndalama pa mpanda wautali, kuiwala kuti nyamayi imakhala m'mitengo. Tiyerekeze dimba la mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali. Kuzungulira ndi mamita 14. Mukagula waya wa khola la nkhuku wotalika mamita 1.8, mzere umodzi wa mamita 14 ukwanira zipupa zonse, ndipo denga lifuna mizere iwiri ya mamita 4, ndiye kuti zonse pamodzi ndi mamita 22. Mizati isatalikirane kuposa mamita 2, padenga pakhale mitanda kuti waya asatsakamuke akamadumphirapo. Pamene pamalakwika kawirikawiri ndi pokumana denga ndi chipupa, pansi, ndi pachitseko. Mizere isanjikizane masentimita 10 n'kusokedwa ndi waya, pansi mutsamize njerwa, chitseko chikhale ndi loko. Kumene kuli anyani waya wa nkhuku sapirira, pamafunika wowotcherera uja. Zidole zoopsezera ndi zitini zolira zimagwira ntchito masiku ochepa basi, akangoona kuti sizisuntha amazolowera.

Ndikumva ena akukamba zothira tameki m'nthochi. Chonde musayerekeze. Nthochi yomweyo angatole mwana, galu kapena nkhuku, ndipo kupha nyama zakuthengo ndi poizoni ndi mlandu. Pusi akalowa m'nyumba musamutsekere pakona kapena kumulanda chimene wagwira. Tsekulani chitseko, patukani panjira, ombani m'manja atuluke. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe ndi kafumbata.

Komanso tisamangoloza nyama. Mitengo ya m'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe ikutha, nyumba zikumangidwa mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo matumba a zinyalala amatha masiku atatu ali pageti kudikira galimoto imene tinalipira kale. Apusiwo akadye kuti, ngati mikuyu tinadula ndipo matumba tikuwaikira pamsewu?

Ndikupempha khonsolo ya mzinda ndi nthambi yoona za nyama zakuthengo kuti ayendere nyumba zogona alendo ndi malo odyera a m'mbali mwa mitsinjeyi, aletse kudyetsa apusi, ndipo mgolo wokhoma ukhale chimodzi mwa zofunika asanapereke laisensi. Amfumu ndi makomiti a m'madera agwirizanitse msewu wonse kuti migolo ikhomedwe mwezi umodzi womwewo, chifukwa khomo limodzi likatsala gulu silichoka. Yembekezani kuti milungu yoyambirira avuta kuposa kale, azigwedeza migolo ndi kuyesa mawindo, ndipo pamenepo m'pamene ambiri amagwa ulesi n'kusiya kukhoma. Nawo a nyumba ya alendo ija abweze mazira ndi fulawa ya mayi aja mlungu uno usanathe.

Ine wokhudzidwa,
M'mphepete mwa Lingadzi, Lilongwe