Webusayiti ya bungwe iyambire pa buku la msungichuma

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a m'mabungwe ang'onoang'ono omwe si aboma kuno ku Blantyre, chifukwa masiku ano pafupifupi komiti iliyonse ikukambirana zokhala ndi webusayiti. Ndakhalapo msungichuma m'komiti yotere, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zokambirana zathu zimathera pa mtundu wa tsamba, chithunzi cha wapampando ndi mawu a masomphenya. Munthu wakufuna kwabwino amene watsegula tsambalo ali ndi funso lina: ndikapereka ndalama yanga ifika m'manja mwa ndani, ndipo ndidzadziwa bwanji chimene yagula? Webusayiti imene sikuyankha funso limeneli, ngakhale ikongole chotani, siibweretsa thandizo.

Anthu ali ndi chifukwa chokayikira. Chichokereni nkhani ya Cashgate mu 2013, mawu akuti "ndalama za thandizo" amamveka ndi khutu lochenjera. Ndiponso namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira phiri la Soche mu Malichi 2023, mauthenga opempha thandizo anadzaza m'mafoni, ambiri ali ndi nambala ya munthu payekha, ndipo wopereka analibe njira yosiyanitsira wokhulupirika ndi wakuba. Komatu kuwerengera ndalama poyera si kwachilendo kwa ife. Pamaliro chipepeso chimawerengedwa anthu onse akumva, kuti akumpingo apereka zakuti, akuntchito zakuti, zonse pamodzi zakwana mwakuti. Tsamba la bungwe liyenera kugwira ntchito yomweyo kwa anthu amene sangathe kufika pabwalo.

Tiyerekeze bungwe lina ku Ndirande likufuna kufolera sukulu ya mkombaphala, ndipo ntchito yonse ikufuna K9,000,000. Asanaitane wokonza webusayiti, akomiti akhale pansi ndi msungichuma n'kulemba pa pepala tsamba limodzi la ntchito imeneyi yokha. Pamwamba alembe malo ake, chimene chikufunika ndi tsiku limene akuyembekeza kumaliza. Kenako bajeti yogawidwa bwino: malata K4,200,000, matabwa K2,300,000, amisiri K1,300,000, misomali ndi zina zing'onozing'ono K700,000, mayendedwe K500,000. Pansi pake pakhale manambala atatu amene azisintha mwezi ndi mwezi, omwe ndi ndalama zimene zalowa, zimene zagwiritsidwa ntchito ndi zimene zatsala. Ngati zalowa K5,200,000 ndipo matabwa agulidwa, tsamba lionetse kuti m'thumba mwatsala K2,900,000, ndipo pafunikabe K3,800,000 kuti bajeti ikwane. Pambali pa manambalawo palembedwe tsiku limene anasinthidwa komaliza. Tsikuli ndi lofunika kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Wowerenga akapeza kuti lipoti lomaliza ndi la zaka ziwiri zapitazo, amangoti bungweli linafa kapena likubisa kanthu, n'kutseka tsambalo.

Ngati akomiti alephera kudzaza pepala limeneli, vuto silili pa intaneti, lili m'buku la ndalama, ndipo ayambe akonza kumeneko. Nthawi zambiri chimene chimachitika n'chakuti ndalama zonse zimalowa m'thumba limodzi, ya malata n'kulipirira lendi ya ofesi poganiza kuti tidzabweza. Ndalama imene munthu wapereka atanena kuti ndi ya denga ndi ya denga basi. N'chifukwa chake ntchito iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake chachifupi, mwachitsanzo `DENGA01`, chimene wopereka azisankha pa tsamba kapena kulemba potumiza ku banki, ndipo chomwecho chizioneka m'buku la msungichuma. Amene akufuna kuthandiza bungwe lonse apatsidwe malo akeake osankha. Ndalama zoyendetsera ofesi musazibise. Wopereka wanzeru amadziwa kuti mafuta ndi magetsi amalipiridwa, chimene chimamupweteka n'kuzitulukira yekha pambuyo pake.

Tsopano za kalandiridwe ka ndalama, pomwe pali misampha yambiri. Anthu ambiri a kuno adzapereka kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, makampani adzatumiza ku banki, ndipo abale athu okhala ku Joni kapena ku Ulaya adzafuna kugwiritsa ntchito khadi. Njira zonsezi zikhale m'dzina la bungwe. Nambala ya foni ya dayilekitala kapena ya mkazi wake isaonekere pa tsamba ngati polandirira thandizo, ngakhale akhale munthu woopa Mulungu chotani. Wopereka akamatumiza aone dzina la bungwe likutuluka pa foni yake, lofanana ndi limene lili pa tsamba ndi pa satifiketi yolembetsera. Akaunti ya ku banki ikhale yosainira anthu awiri kapena kuposerapo.

Kuti batani lopereka ligwire ntchito pa tsamba penipeni, pamafunika kampani yapakati yolumikiza webusayiti ndi ma akaunti. Wokonza tsamba akakuuzani za Stripe chifukwa ndi imene waiona pa intaneti, dziwani kuti siilembetsa mabungwe a ku Malawi. Alipo makampani ogwira ntchito kuno, monga PayChangu, amene amalandira ndalama za pafoni ndi za khadi. Musanasaine ndi kampani iliyonse, funsani ngati ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, imadula zingati pa ndalama iliyonse, ndiponso imatenga masiku angati kuti ndalama ifike ku akaunti yanu. Za kudulazi zilembeni poyera. Tinene kuti akudula 3 pa 100 iliyonse: munthu wopereka K20,000 ndiye kuti bungwe lalandira K19,400. Mukalemba K20,000 pa tsamba pomwe ku banki kwafika K19,400, pakutha pa chaka manambala sadzagwirizana, ndipo odzawerengera mabuku adzafunsa kumene kwapita ndalama imene palibe anaiba.

Pali cholakwika china chimene ndikupempha akomiti achiyese okha. Munthu akadina batani, foni yake imamufunsa nambala yachinsinsi kuti avomereze. Nthawi zina netiweki imadula, nthawi zina m'foni mulibe ndalama zokwanira, kapena munthuyo wangosintha maganizo. Webusayiti yokonzedwa mwachangu imalemba "zikomo" n'kuwonjezera ndalamayo pa chiwerengero pomwe sinalowe. Yokonzedwa bwino imadikira uthenga wotsimikiza wochokera ku kampani yapakati ija, ndipo ikaulandira m'pamene imatumiza lisiti ya nambala yake pa foni kapena pa imelo ya wopereka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsamba lisanatsegulidwe, msungichuma apereke K1,000 kudzera njira iliyonse, aone ngati lisiti yabwera ndi ngati ndalamayo yafika. Kenako ayambenso kupereka koma akane pa foni, aone chimene tsamba linene. Likathokoza, musalipire wokonzayo mpaka akonze. Ndipo lembani pa tsambapo ndi zilembo zooneka kuti bungwe silidzafunsa munthu nambala yake yachinsinsi, pa tsamba kapena pa foni, chifukwa akathyali amagwiritsa ntchito mayina a mabungwe poimbira anthu.

Lipoti labwino limanenanso zimene zavuta. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo aliyense amene anali ndi bajeti ya zomangira yolembedwa mu Okutobala anaona mitengo ikumuthawa. Bungwe lathu la ku Ndirande likakumana ndi zotere lisafufute bajeti yakale mwakachetechete. Liisiye pomwepo, liike yatsopano pambali pake, lilembe tsiku ndi chifukwa, kenako linene chimene akomiti agwirizana, kaya kufolera chipinda chimodzi kaye kapena kupempha zowonjezera. Wopereka amene wauzidwa zoona ntchito itachedwa amaperekanso. Amene wangoona nambala itasintha popanda mawu sabwerera.

Za umboni wa boma sizifuna mawu ambiri. Lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, NGO Board inakhala NGORA, yomwe ndi nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo mabungwe olembetsedwa amayenera kuperekako malipoti a pachaka ndi a chuma owunikidwa ndi akatswiri. Malipoti omwewo aikeni pa tsamba, pamodzi ndi nambala yolembetsera, mayina a abodi ndi malo enieni a ofesi. Koma musangoponya PDF ya masamba makumi anayi n'kuti mwamaliza. Owerenga ambiri ali pa foni ndi bandulo yowerengera, choncho chidule cha lipoti chilembedwe pa tsamba penipeni, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti makolo a ana a pa sukulu ija athenso kuwerenga n'kutsutsa ngati mwalemba malata amene sanafike. Zithunzi zichepetsedwe kukula zisanaikidwe, chifukwa chithunzi chochokera m'foni chimatha kupitirira 3 MB pomwe cha 200 KB chimaoneka bwinobwino.

Pa zithunzi pomwepa mtima wanga umawawa. Taleka liti kuona kuti mwana wovala sanza ndi mwana wa munthu? Jambulani denga lisanafoleredwe ndi litafoleredwa, mutaima malo amodzimodzi, jambulani malata akutsitsidwa ndi malisiti a kusitolo. Umenewo ndiye umboni. Nkhope ya mwana isaikidwe popanda chilolezo cholembedwa cha kholo, ndipo dzina lake, matenda ake ndi kumene amakhala zisalembedwe. Opereka nawonso afunsidwe ngati akufuna dzina lawo lioneke. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo manambala a foni a opereka si ogawana pa magulu a WhatsApp.

Chomaliza ndi umwini wa tsambalo. Mabungwe ambiri amadzidzimuka webusayiti itazima, n'kupeza kuti dzina lake linalembetsedwa ndi mnyamata amene anaikonza, yemwe anasamuka kalekale ndipo foni yake siikupezeka. Dzina la tsamba, kaya lothera ndi `.org` kapena `.org.mw`, limalipiridwa nthawi ndi nthawi, ndipo likatha munthu wina akhoza kuligula n'kumalandira thandizo m'dzina lanu. Lilembetsedwe m'dzina la bungwe ndi imelo ya bungwe, mapasiwedi asungidwe ndi anthu awiri a mubodi, ndipo tsiku lolipira lilowe m'bajeti ya chaka. Adiresi iyambe ndi `https`, apo ayi foni ya wopereka imuchenjeza kuti tsambalo si lotetezeka. Mu mgwirizano ndi wokonza mulembe kuti aphunzitse munthu mmodzi wa m'bungwe kusintha yekha manambala atatu aja, ndipo akomiti asankhe tsiku la mwezi uliwonse limene msungichuma azifananitsa sitetimenti ya ku banki, ya Airtel Money ndi ya Mpamba ndi zimene zili pa tsamba, wapampando n'kusainira asanazitulutse.

Ine wanu wowerenga,
Msungichuma wakale,
Ndirande, Blantyre