Aphunzitsi a zaluso, timitengo musamatilinganize

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga amene amaphunzitsa ana aang'ono maonekedwe a zinthu ndi mapatani pogwiritsa ntchito masamba, dongo ndi timitengo. Njirayi si yachilendo. Friedrich Froebel, Mjeremani uja anayambitsa sukulu za mkaka zotchedwa kindagateni mu 1840, ankapatsa kale ana timitengo toyala ndi dongo loumba. Dandaulo langa ndi lakuti ambiri tikuwononga phunziroli ndi khama lathu lomwe. Mphunzitsi amagona mochedwa akudula timitengo kuti tifanane ndendende, kusankha masamba osalala okhaokha, ndiye m'mawa ana amangotsanzira zimene iye wayala patebulo. Kalasi imaoneka yaudongo ndithu, koma mwana sanaganizepo kanthu.

Tiyambe ndi thirayango. Mwana amene nthawi zonse amapatsidwa timitengo titatu tofanana amakula akudziwa kuti thirayango ndi kaja ka mbali zofanana kokhala chilili, nsonga kumwamba. Mukamuonetsa yayitali yowonda, kapena mukangoitembenuza nsonga n'kuloza pansi, amakana kwamtuwagalu kuti imeneyo si thirayango. Mankhwala ake ndi kumupatsa mulu wosakaniza. Muli timitengo ta masentimita 4, 5, 8 ndi 12, iye asankhe yekha titatu. Wotenga 4, 5 ndi 8 atseka, ngakhale thirayango yake ituluka yophwatalala. Wotenga 4, 5 ndi 12 avutika nato, kusuntha uku, kusuntha uko, mpata osatsekeka. Pamenepa musamuthamangire ndi yankho. Musiyeni agoneke tiwiri tatifupito motsatira kakatali kaja, aone yekha kuti 4 ndi 5 pamodzi akulekeza pa 9, sakufika pa 12. Wapeza lamulo lenileni la masamu: mbali ziwiri zazifupi zikaphatikizidwa ziyenera kuposa yayitaliyo. Ndiye pali 4, 8 ndi 12, amene amayambitsa mkangano wokoma m'kalasi, chifukwa nsonga zimakumana pokhapokha timitengo tonse tagona pamzere umodzi, thirayango palibe. Ana ena amaumirira kuti yatheka, poti kamtengo kali ndi kunenepa kwake ndipo kamabisa mpata. Asiyeni atsutsane.

Mukalumikiza makona ndi timibulu ta dongo, china chimaonekera. Sikweya mukaikankha pakona imapendekeka n'kusanduka dayamondi, timitengo tomwe tija, utali womwe uja. Thirayango siilola, imalimba nji. Muuzeni mwana aike kamtengo kachisanu kopingasa kuchokera pakona ina kufika pakona yoyang'anizana nayo, sikweya ija ileka kugwedera chifukwa tsopano ndi mathirayango awiri. Akatuluka panja ayamba kuona yekha mathirayango pa denga ndi pa milatho.

Za masamba sinditalikitsa. Mwana apinde tsamba potsata mtsempha waukulu wapakati aone ngati mbali ziwirizo zikuphimbana. Ambiri amaphimbana pafupifupi, ena ayi, ndipo osaphimbanawo musawataye, ndiwo amapangitsa funsolo kukhala funso. Ayerekezenso tsamba la udzu, limene mitsempha yake imayenda motsatana osakumana, ndi tsamba lotambalala limene mitsempha yake imachita nthambi ngati ukonde. Chenjezo limodzi lokha: masamba a chitsamba cha maluwa chotchedwa oliyanda ndi a zomera zotuluka utomoni woyera, monga nkhadze, asafike m'manja mwa ana. Oliyanda ndi wapoizoni, utomoni wa nkhadze umawotcha maso, ndipo mwana sachedwa kutikita diso.

Dongo ndiye limafuna mphunzitsi akonzekere, ndipo pano pokha ndi pamene kulinganiza kuli kofunika. Liyeseni dzulo lake. Pombani kachingwe konenepa ngati pensulo, mukakulunge pachala. Kakathyoka, dongolo lauma kapena lachuluka mchenga. Kakamatirira m'manja n'kumaterereka, madzi achuluka, lisiyeni lipume. Chotsani timiyala ndi mizu, likandeni bwino. Pophwatalitsa, ikani timatabwa tiwiri tonenepa sentimita imodzi uku ndi uku, botolo lizigudubuzika pamwamba pake. Mukatero phale lonse likhala lofanana kunenepa. Phale lonenepa pakati, lopyapyala m'mbali, limauma mosiyana ndipo limang'aluka.

Podinda tsamba, ana pafupifupi onse amagoneka mbali yosalala ya pamwamba, n'kudabwa kuti patuluka chithunzi chosaoneka. Mitsempha imatukuka kunsi kwa tsamba, choncho kunsiko ndiko kuyang'ane dongo. Agudubuze botolo kamodzi mopepuka, agwire kaphesi, asendeze pang'onopang'ono. Tsamba likhale laliwisi, louma limaphwanyikira momwemo.

Tsopano patani, pamene ambiri timanamizidwa. Mwana akadzaza phale ndi masamba ndi timadontho timati wachita bwino, koma kukongoletsa si patani. Patani ili ndi kagawo kamene kamabwerera osasintha. Tinene kuti m'mphepete mwa phale mwana wadinda tsamba, mzere, mzere, ndipo mizereyo akudinda ndi kamtengo. Kagawoka kaonekere katatu musanafunse chotsatira, chifukwa kakaoneka kamodzi kokha palibe chosonyeza kuti kakubwerera, mwana amangolota. Kufunsa kuti “chikubwera n'chiyani?” ndi funso lophweka kwambiri, ambiri amaliyankha ndi nyimbo ya pakamwa. Phimbani ndi dzanja chidindo chapakati, mufunse chabisika. Kenako funsani kuti chidindo cha 10 chidzakhala chiyani asanafikeko. Amene wamvetsa aona kuti tsamba likugwera pa 1, pa 4, pa 7, ndiye pa 10 ndi tsambanso. Yeso lomaliza ndi kumulanda masamba n'kumuuza apange patani yomweyo ndi zina. Akayala kamtengo kakatali, kakafupi, kakafupi, wagwira nkhani. Akakuuzani kuti sizingatheke poti masamba mwatenga, ndiye kuti anaona tsamba, patani sanaione, ndipo mubwerere naye pa zinthu ziwiri zosinthana.

Kulakwitsa kofala ndi kwakuti pofika kagawo kachitatu mwana amataya mzere umodzi, patani n'kusanduka tsamba, mzere, tsamba, mzere. Dongo likadali lofewa, afafanize ndi chala chonyowa, adindenso. Musamuloze polakwika. Muuzeni awerenge mokweza akuloza ndi chala, khutu lake limugwira lokha.

Ntchito yambiri yabwino imafera poyanika. Dongo limafota madzi akamachoka. Lembani mzere wa masentimita 10 kuseri kwa phale limodzi, likauma mudzapeza watsika kufika cha pa 9 ndi theka, kutengera mtundu wa dongo, ndipo ana amakondwa kuyeza zimenezi. Kufota komweku n'chifukwa chake kamtengo kosiyidwa m'kati mwa phale kamaling'alula: dongo likubwerera, mtengo sukubwerera. Kamtengo kadinde, kachoke. Mapalewo aume pamthunzi, osati padzuwa kapena pamphepo, ndipo muziwatembenuza tsiku lililonse kuti asapindike m'mbali. Phale louma limayererako mtundu ndipo silizizira mukaligunditsa patsaya. Likamazizirabe, m'kati mudakali madzi. Pomaliza muwauze ana asanapite nalo kwawo kuti dongo losawotcha likanyowa limasungunuka, asakalitsuke.

Mphunzitsi wa makalasi oyambirira