Lipoti la msonkhano wa njira yodutsitsa katundu osamusunga

Apampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala anzanga, munandituma kuti ndikakuimireni pa msonkhano wa masiku awiri wa oyang'anira madepoti umene unachitikira kuno ku Lusaka, ndipo munandipatsa funso limodzi loti ndikabwere ndi yankho lake, lakuti kodi njira imene azungu amaitcha kirosidokingi ingagwire ntchito pa madepoti onga athuwa. Mu lipoti lino ndiziitchula kuti kudutsitsa katundu, chifukwa ndi zimene zimachitikadi: katundu amatsika pa thiraki khomo lina, amawoloka bwalo la m'kati, n'kukwera thiraki ina khomo linanso, osakwezedwa pa mashelufu. Anatiuza kuti mwa chizolowezi katundu wotere sayenera kukhala pabwalo kupitirira maola 24, ndipo pamene zinthu zikuyenda bwino amangokhalapo maola owerengeka. Njirayi si yatsopano, popeza makampani a mathiraki a ku America anaiyamba m'zaka za m'ma 1930, ndipo masitolo a Walmart anaitchukitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Yankho langa n'lakuti njirayi ingagwire ntchito kwa ife, koma pa katundu wochepa wosankhidwa bwino, ndipo chimene chingatigonjetse ndi nthawi ndi uthenga, kukula kwa nyumba ayi. Ndifotokoza zimenezi kudzera mu chitsanzo chimene tinapatsidwa kuti tichiwerengere m'magulu pa tsiku lachiwiri, chifukwa ndi pamene ine ndinamvetsa nkhaniyi.

Tinauzidwa kuti tiyerekeze depoti yolandira mathiraki atatu m'mawa umodzi, iliyonse itanyamula mapaleti 26, amene ndi malo a ngolo yaitali mamita 13.6 ngati paleti ili ya mita 1.2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Yoyamba yabweretsa mafuta ophikira kuchokera ku fakitale ya mumzinda muno, yachiwiri yabweretsa shuga kuchokera ku Mazabuka, ndipo yachitatu yanyamula zakudya za m'zitini kuchokera ku South Africa kudzera pa malire a Chirundu. Onse pamodzi ndi mapaleti 78, ndipo ayenera kutuluka tsiku lomwelo pa mathiraki ena atatu. Ya ku Kitwe itenge mapaleti 10 a mafuta, 8 a shuga ndi 8 a zitini. Ya ku Chipata itenge 8 a mafuta, 10 a shuga ndi 8 a zitini. Ya ku Livingstone itenge 8 a mafuta, 8 a shuga ndi 10 a zitini. Motero thiraki iliyonse yotuluka ikudalira mathiraki onse atatu olowa, ndipo apa ndi pamene pagona phindu ndi ngozi yomwe.

Phindu lake ndi losavuta kuliona. Pa ntchito yathu ya masiku onse paleti imanyamulidwa kanayi: poitsitsa, poikweza pa shelufu, poitsitsanso oda ikabwera, ndiponso poipakira. Podutsitsa imanyamulidwa kawiri kokha, kuchoka m'thiraki kupita pa mzere wa khomo lake, kenako kuchoka pa mzerewo kulowa m'thiraki yotuluka. Tinayerekeza kuti fokolifiti imatenga mphindi zitatu pa ulendo uliwonse, ndipo tinapeza kuti mapaleti 78 osungidwa amadya mphindi 936, zomwe ndi maola oposa 15, pamene odutsitsidwa amadya mphindi 468, maola osakwana 8. Mafokolifiti awiri angathe kumaliza ntchito yonseyo pa maola anayi ngati palibe chowaimitsa. Katundu wonyamulidwa kawiri amaphwanyikanso pang'ono kusiyana ndi wonyamulidwa kanayi, ndipo ndalama za mwini wake sizigona pa shelufu.

Titamaliza kuwerengera, wotsogolera gulu lathu anangosintha chinthu chimodzi: thiraki ya zitini yachedwa pa Chirundu chifukwa cha mapepala a msonkho, ndipo ifika mawa. Tonse tinaseka, chifukwa palibe wa ife amene sanadikirepo thiraki yoteroyo. Mapaleti 52 a mafuta ndi shuga ali kale pabwalo. Paleti iliyonse imatenga malo a sikweya mita 1.2, ndiye kuti onsewo akutenga masikweya mita oposa 62, ndipo tikaikapo mipata yodutsa fokolifiti ndi munthu wowerenga malebo, malowo amafika pafupifupi kawiri kuchuluka kwake. Mawa m'mawa mafuta ndi shuga a tsiku latsopano afikanso, mapaleti ena 52, motero bwalo lokonzedwera mapaleti 78 likhala ndi 104 zitini zija zisanatsike n'komwe.

Zikatero woyang'anira amakhala ndi njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Angathe kutulutsa mathiraki osadzaza, ya ku Kitwe n'kupita ndi mapaleti 18 m'malo mwa 26, koma mafuta a galimoto ndi malipiro a dalaivala zimakhala zomwezo pamene gawo limodzi mwa magawo atatu a ngolo, kapena pang'ono kuchepera apo, likuyenda lopanda kanthu, ndipo zitinizo zidzafunanso ulendo wawo. Angathenso kuimika mathiraki kufikira mawa, n'kulipira eni ake ndalama za kudikira, makasitomala akuimba lamya. Kapena angakweze mapaleti 52 aja pa mashelufu, zimene zikutanthauza kuti wabwerera ku ntchito yakale yonyamula kanayi. Anthu odziwa ntchitoyi anatilangiza kuti chisankhochi chisamapangidwe pa nthawi ya vutolo, koma chilembedwe kale pa mgwirizano ndi makasitomala, kuti mwachitsanzo katundu amene sanafike pofika 11 koloko m'mawa sakwera thiraki ya tsiku limenelo. Ine ndikuwonjezerapo maganizo anga akuti katundu wowoloka malire, kaya pa Chirundu, pa Kazungula kapena pa Nakonde, tisamumangirire pa ulendo wa tsiku lomwelo, chifukwa ora lake lofikira silili m'manja mwathu.

Nkhani ya uthenga inatenga nthawi yaitali kuposa zonse. Depoti yodutsitsa iyenera kudziwa zimene zili m'thiraki thirakiyo isanafike, paleti ndi paleti, kuti makomo ndi mizere zigawidwe kale. Uthenga wotere umatumizidwa ndi wogulitsa pa kompyuta, ndipo pa makina umaoneka ndi dzina lakuti ASN. Paleti iliyonse imakhala ndi lebo ya bakodi yokhala ndi nambala yakeyake ya manambala 18, yotchedwa SSCC mu dongosolo la mabakodi la padziko lonse la GS1, ndipo wolandira akangoiwerenga ndi sikana makina amamuuza khomo limene paletiyo ikupita. Pali kusiyana pakati pa katundu amene wogulitsa wamugawa kale n'kulemba komwe akupita, ndi katundu amene depoti imamugawa yokha atafika. Woyambayo ndi wopepuka kwa ife, koma amafuna wogulitsa wosalakwitsa. Wachiwiriyo amafuna malo omasulirapo mapaleti, anthu owerenga makatoni ndi pulasitiki yokulungiranso, ndipo sindikulangiza kuti tiyambire pamenepo.

Chimene chinandiopsa ndi chakuti shelufu, imene timaidandaula kuti imadya malo, ndiyo imatigwirira zolakwa zambiri. Katundu akagona masiku angapo, wina amaona katoni yodontha kapena lebo yosemphana ndi zam'kati. Podutsitsa mwayi umenewo kulibe. Ndikukumbukira chaka china, pa depoti imene ndinkagwirako kale, pamene tinapakira mofulumira paleti yokhala ndi malebo awiri, yakale yosachotsedwa mbali ina ndi yatsopano mbali inayo. Wopakira anawerenga mbali imene inamuyang'ana, ndipo paletiyo inakatulukira ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 550, pamene mwini wake ankaidikira ku Livingstone. Inatenga sabata yathunthu kuti ibwerere. Pa chifukwa chimenechi paleti iyenera kuwerengedwa kawiri, potsika ndiponso pakhomo lenileni lokwerera, osati pa mzere, ndipo woyendera katundu aziima pa khomo lolandirira ali ndi mphamvu yokana paleti yopendekeka kapena ya malebo awiri. Magetsi akathima, monga tikudziwira mmene amathimira kuno, masikana ndi netiweki ziyenera kukhala ndi mabatire kapena jenereta, komanso mndandanda wa tsikulo usindikizidwe papepala m'mawa uliwonse.

Za nyumba yeniyeniyo anatiuza zochepa koma zomveka. Depoti yodutsitsa imakhala yaitali ndi yopapatiza, makomo olandirira mbali ina ndi otulutsira mbali inayo, kuti ulendo wa fokolifiti ukhale waufupi ndi wowongoka. Madepoti athu ambiri, makamaka a kudera la mafakitale cha ku msewu wa Mungwi ndi wa Lumumba, anamangidwa kuti azisunga, moti ena ali ndi makomo awiri kapena atatu mbali imodzi, ndipo ena alibe chiunda chofanana msinkhu ndi ngolo ya thiraki. Pamalo otere katundu wolowa ndi wotuluka amakumana panjira imodzi, ndipo mphindi zitatu zija sizingakwanire. Pabwalo la kunja pafunikanso malo oti thiraki yaitali itembenuke pamene ina yaima pakhomo. Mzere wa khomo lililonse ujambulidwe ndi utoto pansi, ndipo mapaleti aikidwe motsatira mmene adzakwerere, oyamba kutsika kwa kasitomala akhale omaliza kupakidwa, kulemera kukhalenso kogawika bwino, chifukwa thiraki ya ku Kitwe ikapezeka yolemera kwambiri pa ekiselo imodzi pa sikelo ya ku Kapiri Mposhi, nthawi yonse imene tinapulumutsa imathera pomwepo.

Ndinafunsa mmene woyang'anira angadziwire msanga kuti zinthu zayamba kusokonekera, ndipo mayi wina amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri anandiyankha kuti kwawo amamata kapepala ka mtundu wina tsiku lililonse pa paleti ikamatsika, motero akalowa m'mawa n'kuona mtundu wa dzulo pabwalo amadziwa pomwepo popanda kutsegula kompyuta. Chizindikiro china n'chakuti dalaivala wa fokolifiti wayamba kusuntha paleti ina kuti afikire inzake, pakuti ulendo umenewo sunali m'masamu athu.

Pempho langa kwa inu, Apampando, ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira tisankhe depoti imodzi yokhala ndi makomo mbali ziwiri, iyese njirayi kwa mwezi umodzi ndi mtundu umodzi wa katundu wotuluka tsiku lililonse, wochokera kwa wogulitsa wa m'dziko muno amene angavomere kutumiza uthenga madzulo a tsiku loti mawa lake katundu afike. Pa mwezi umenewo kalaliki azilemba ora limene thiraki iliyonse inalonjezedwa ndi ora limene inafikadi, komanso chiwerengero cha mapaleti amene anagona pabwalo, ndipo manambala amenewo ndi amene tidzakambirane tisanauze membala aliyense kuti agwetse shelufu ngakhale imodzi.