Tisamasayine fomu ya pulokisi osadzaza mabokosi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene tinagula masheya ochepa m'makampani amene ali pa msika wa masheya ku Blantyre. Msikawu unayamba malonda mu 1996 ndi masheya a NICO, koma ambirife tinalowamo mochedwa, ena mu 2020 pamene Airtel Malawi ndi FDH Bank anagulitsa masheya kwa anthu wamba. Tinaphunzira msanga kudikira dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya. Chimene sitinaphunzire ndi ntchito ya kapepala kamene kamabwera kumapeto kwa chidziwitso cha msonkhano waukulu wa pachaka, kamene amati fomu ya pulokisi. Ndi kapepala kotumira munthu wina kuti akavote m'malo mwanu mukalephera kupita.

Ine ndimakhala ku Kasungu, ndipo misonkhano yambiri ya makampaniwa imachitikira ku Blantyre. Kupita ndi kubwera ndi masiku awiri, kuwonjezapo malo ogona, ndipo ndalama ya ulendowo imaposa dividendi imene masheya angawo amandipatsa. Choncho chaka china ndinaganiza zotuma mphwanga amene amagwira ntchito ku Limbe. Ndinajambula fomuyo pa foni, ndinamutumizira, iye anakaisindikiza n'kupita nayo pa tsiku lenileni la msonkhano, atavala jekete yake yabwino. Pakhomo panali tebulo, amayi awiri ali ndi mndandanda wa mayina. Dzina langa analipeza, koma lake panalibe. Anamufotokozera mwaulemu kuti fomuyo inayenera kufika kwa mlembi wa kampani masiku awiri apitawo, komanso kuti panalibe siginecha yanga. Anamulola kukhala kumbuyo n'kumamvera, koma voti yanga inathera pa tebulo lomwelo. Ndinakwiya tsikulo, koma nditawerenganso chidziwitso chija ndinapeza kuti zonsezo zinalembedwa m'munsi mwake, m'zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi zimene sindinaziyang'ane.

Zimene ndinaphunzira ndi izi. Munthu amene mukumutumayo sachita kufunika kukhala ndi masheya m'kampanimo. Akhoza kukhala mwana wanu, mlamu wanu, kapena mnzanu wa kutchalitchi amene amakhala pafupi ndi malo a msonkhanowo. Mumalemba dzina lanu monga mmene lilili m'kaundula wa eni masheya, chiwerengero cha masheya anu, dzina la nthumwi yanuyo, kenako mumasayina n'kulemba deti. Za dzinazi musazipeputse: mayi amene anagula masheya pa dzina la kwa bambo ake alembe dzina lomwelo, ngakhale lero akudziwika ndi la amuna ake, chifukwa oona mafomu amayerekeza ndi kaundula. Nthawi yake yopereka fomu imalembedwa pa chidziwitso, ndipo kawirikawiri amati ifike pasanatsale maola 48 kuti msonkhano uyambe. Msonkhano ukakhala Lachisanu 10 koloko m'mawa, ndiye kuti fomu ikhale itafika pofika Lachitatu 10 koloko m'mawa. Maola amenewa ali ndi ntchito: ndi nthawi imene alembi amafufuza ngati wosayinayo alidi ndi masheya amene walembawo, n'kuwerengeratu mavoti amene nthumwi iliyonse yanyamula.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si kuchedwa kwa fomu ayi. Ndi anzathu amene amaitumiza pa nthawi yake, atasayina bwinobwino, koma atasiya malo ena osalemba. Pamwamba pa fomu zambiri pali mpata wolembapo dzina la nthumwi, ndipo kutsogolo kwake palembedwa kale kuti munthuyo akalephera, kapena mukapanda kulemba dzina, wokuimirirani ndi wapampando wa msonkhano. Wapampandoyo nthawi zambiri ndi wapampando wa bodi ya kampani yomweyo. M'munsimu muli mfundo zonse zokavoteredwa, iliyonse pa mzere wake, ndi mabokosi atatu olembedwa For, Against ndi Abstain, kutanthauza kuvomera, kukana, ndi kusaponya voti. Pansi pake pamakhalanso chiganizo chonena kuti mukapanda kuchonga bokosi, nthumwi idzavota monga ikuonera.

Taganizani tsopano zimene zili pa mizere imeneyo. Pali kulandira malipoti a chuma, kuvomereza dividendi, kusankhanso madayirekitala amene nthawi yawo yatha, kuvomereza malipiro a madayirekitalawo, ndi kusankha maodita oti aunike mabuku a kampani. Munthu akasayina osalemba dzina komanso osachonga, ndiye kuti wapatsa wapampando wa bodi mphamvu yovotera malipiro a bodi yomweyo pogwiritsa ntchito masheya ake. Sindikunena kuti apampando ndi anthu achinyengo. Lamulo likuwalola, ndipo fomu inanena poyera. Komatu wapampando anali nawo pokonza mfundozo, ndiye palibe chifukwa choyembekezera kuti azikane. Mnzanga wina wa kuno, amene amadandaula chaka ndi chaka kuti malipiro a mabwana akukwera pamene dividendi ili pomwepo, anandionetsa fomu yake monyadira kuti iye sajomba kutumiza. Mabokosi onse anali oyera. Zaka zonsezo wakhala akuvomereza chimene amadandaula nachocho.

Kutuma wapampando pakokha si kulakwa. Ngati mulibe wachibale ku Blantyre, iyeyo ndiye nthumwi yodalirika, chifukwa sangajombe ku msonkhano. Chofunika n'kuchonga bokosi pa mzere uliwonse. Mukachonga kukana pa mfundo ya malipiro, iye akuyenera kuponya mavoti anu kumbali yokana, ngakhale iye mwini akuivomereza.

Pali chinanso chimene nthumwi yanu iyenera kudziwa isanalowe m'holo. Kuvota kumeneku kuli pawiri. Njira yoyamba ndi yokweza manja, ndipo pamenepo amawerenga anthu: wa masheya 500 ndi wa masheya 50 miliyoni onse ndi dzanja limodzilimodzi, ndipo munthu amene wanyamula mafomu a anthu khumi alinso ndi dzanja limodzi lomwelo. Njira yachiwiri ndi yowerenga masheya, sheya iliyonse voti imodzi. Apa m'pamene mafomu amagwira ntchito yake mokwanira, chifukwa masheya onse a anthu amene atuma nthumwi amalowa m'chiwerengero. Malamulo oyendetsera kampani iliyonse amanena amene angapemphe kuti masheya awerengedwe ndi kuchuluka kwa ofunika kupempha, choncho n'kwabwino kufunsa mlembi wa kampani zimenezi msonkhano usanafike.

Ndikudziwa yankho limene ambiri amapereka, kuti timasheya tathu n'tochepa, mwini wamkulu apambana basi. Pa mfundo za masiku onse akunena zoona, ndipo sindifuna kunamiza munthu. Mfundo zimenezo zimadutsa ndi mavoti oposa theka, ndiye kampani ikakhala ndi mwini mmodzi wa masheya oposa theka, palibe mulu wa mafomu umene ungamuletse. Koma pali mfundo zapadera, monga kusintha malamulo oyendetsera kampani, zimene zimafuna 75 peresenti. Ndipo 75 peresentiyo amaiwerengera pa mavoti amene aponyedwa, osati pa masheya onse a kampani.

Tiyerekeze kampani ya masheya 100 miliyoni. Mwini wamkulu ali ndi 60 miliyoni, ndipo 40 miliyoni otsalawo ali m'manja mwa mabungwe a penshoni ndi anthu ngati ife. Bodi yabweretsa mfundo yapadera imene enafe sitikugwirizana nayo. Tikagona, n'kungoponyedwa mavoti okana 10 miliyoni, mavoti onse akhala 70 miliyoni. Pa 70 miliyoniyo mwini wamkulu ali ndi 60 miliyoni, yomwe ndi pafupifupi 86 peresenti, ndipo mfundo yadutsa. Koma mavoti okana akafika 21 miliyoni, mavoti onse akhala 81 miliyoni, gawo lake latsika kufika pa 74 peresenti, ndipo mfundo yagwa. Masheya a mwini wamkuluyo sanasinthe ngakhale imodzi. Chasintha ndi kuchuluka kwa mafomu amene anafika Lachitatu lija.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsa kuopsa kwa fomu yosadzaza. Pa anthu a masheya 21 miliyoni aja, tinene kuti a masheya 2 miliyoni anasayina osachonga, wapampando n'kuponya mavoti awo kumbali yovomera. Ovomera akhala 62 miliyoni pa 81 miliyoni, kupitirira 76 peresenti, ndipo mfundo yadutsa ndi mavoti a anthu amene mumtima mwawo ankaikana. Bokosi la kusaponya voti nalonso silithandiza wokana, chifukwa voti yosaponyedwa siilowa m'chiwerengero cha mbali iliyonse. Amene sakufuna mfundo achonge kukana.

Kwa amene anagula masheya monga gulu, kaya banki m'khonde yolembetsedwa, kaya mpingo, kaya kampani ya pabanja, fomuyo asayine munthu amene gululo linamupatsa mphamvu polemba, osati aliyense amene wapezeka pafupi. Ndipo kutumiza fomu sikukutsekerani khomo. Zinthu zikasintha n'kupezeka kuti muli ku Blantyre tsikulo, mukhoza kulowa n'kuvota nokha, mungowauza a pa tebulo aja kuti mwini wake wabwera.

Makampani nawonso ali ndi mbali yawo. Pamene ankatigulitsa masheya anabwera pa wailesi m'Chichewa, kutiuza kuti aliyense akhoza kukhala mwini wa kampani. Nanga bwanji chiganizo chopereka voti yathu kwa wapampando chizikhala m'Chingerezi cha maloya chokha? Ndikupempha kuti malangizo a fomuyi azilembedwanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti deti ndi ola lotsekera kulandira mafomu zizilembedwa pamwamba m'zilembo zazikulu, ndiponso kuti munthu akatumiza fomu pa imelo aziyankhidwa kuti yafika ndipo yalandiridwa. Msonkhano ukatha, atiuze mavoti ovomera ndi okana pa mfundo iliyonse m'manambala, osangoti mfundo zonse zadutsa, kuti wa ku Kasungu naye aone pamene masheya ake anagwera.

Chaka chathachi fomu yanga ndinaidzaza nditakhala pakhonde, lipoti la pachaka lili pamwendo. Ndinavomera dividendi ndi maodita, ndinakana kusankhidwanso kwa dayirekitala mmodzi amene lipoti lomwelo linaonetsa kuti anajomba misonkhano yambiri ya bodi, ndinalemba dzina la mphwanga, ndinasayina, n'kutumiza kudakali sabata yathunthu. Kenako ndinaimbira ofesi ya mlembi kufunsa ngati yafika. Mphwangayo atafika pa tebulo lija anapeza dzina lake pa mndandanda, pambali pake palembedwa chiwerengero cha masheya anga.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kasungu