Kusintha kwa mmene timakoperera deta yanu usiku

Okondedwa makasitomala athu,

Kuyambira Lolemba likudzali tisintha mmene timakoperera deta kuchokera ku detabesi ya malonda anu kupita ku detabesi ya malipoti.

Mpaka pano, usiku uliwonse timafufuta tebulo la ku malipoti n'kulikoperanso lonse. Njira imeneyi siinama, chifukwa chimene chili uku chimapezekanso uko. Vuto ndi loti matebulo akula. Kwa kasitomala wathu wina wa pafupi ndi msika wa Zomba, tebulo la zogulitsa lafika mizere 9 miliyoni ndipo kulikopera kukutenga maola 5, pomwe mizere imene imasintha patsiku ndi pafupifupi 20,000 yokha. Magetsi kapena intaneti zikaduka ntchito ili mkati, timayambiranso poyamba, inu n'kufika m'mawa malipoti asanapse.

Tsopano tizitenga mizere yokhayo imene yalowa kapena yasinthidwa chikoperereni komaliza. Tiziizindikira ndi nthawi yolembedwa mu `updated_at`, danga losonyeza nthawi imene mzere unalowa kapena kusinthidwa komaliza:

```sql
SELECT * FROM sales
WHERE updated_at > :last_sync - INTERVAL '15 minutes';
```

Mphindi 15 zimenezo tabwerera nazo m'mbuyo dala. Malonda akhoza kudindidwa nthawi ya 22:58 koma n'kumaliza kusungidwa 23:01, ife titakopera kale 23:00. Popanda kubwerera, mzere wotero ungatiphonye mpaka kalekale. Mzere ukabwera kawiri palibe choopsa, timauzindikira ndi `id` yake n'kulemba pamwamba pa wakale.

Pali zinthu ziwiri zimene njira yatsopanoyi siiona, ndipo apa ndi pamene tikupempha thandizo lanu. Mzere wofufutidwa ndi `DELETE` susiya chizindikiro chilichonse, choncho ku malipoti umatsalabe ngati malonda enieni. Mukalakwitsa lisiti, muziyithetsa mu pulogalamu, osati kuichotsa mu detabesi. Chinanso, wina akakonza mtengo ndi manja mu detabesi osasintha `updated_at`, ife sitidziwa kuti pakhudzidwa. Tikudziwa kuti kumapeto kwa mwezi a akaunti ena amatero pofuna kufulumira. Chonde muzitiuza mukatero.

Kuti zolakwika zisabisale, m'mawa uliwonse tiziwerenga mizere ndi kuwonkhetsa ndalama za masiku 7 apitawo mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, tizikoperanso tsiku lonse limene lasiyanalo. Lamlungu lililonse usiku tizikoperabe tebulo lonse monga kale, kuti zotsalira za masiku akale zichoke. Matebulo aang'ono, monga a mitengo ya katundu ndi a nthambi, tiziwakoperabe onse monga kale, chifukwa amatha m'masekondi ochepa ndipo palibe chifukwa chowavutikira.

Mukaona ndalama za mu lipoti zikuposa za m'kaundula wanu, kawirikawiri ndiye kuti pali mzere umene unafufutidwa. Tiuzeni tsiku ndi nthambi yake, tidzakonza tsiku lomwelo.

Ife anu,
Oyang'anira deta yanu, Zomba