Za silabu ija, musanathire ndiyimbireni

Aphwanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mzuzuko, amayi ndi ana. Kuno ku Joni ndilipo, ntchito ya matayilosi ikuyenda ndithu ngakhale kuzizira kwayamba, m'mawa zala zimachita kukana kugwira chida. Ndalama ya simenti ndatumiza pa Mukuru, ukalandira undiuze.

Ndalemba kalata yayitali chonchi chifukwa pa foni timangothamangitsana, mayunitsi atha nkhani isanathe. Nkhani yake ndi ya nyumba yathu ya ku Luwinga ija. Sabata yatha unandiyimbira ndili pamwamba pa ntchito kundifunsa ngati ugule misomali ya mainchesi 4 kapena 5, kenako za wilibala yoti mubwereke, kenako za mchenga ngati uwonjeze tiripu ina. Sindikukudzudzula ayi, ndikudziwa ukuopa kuti ndalama ndi yanga ndiye usaiwononge, komanso akulu anati safunsa anadya phula. Koma mwambi umenewu sunanene kuti munthu afunse chilichonse. Kufunsa nakonso kumadya ndalama. Ine foni imakhala mu chikwama mpaka nthawi ya nkhomaliro, abwana safuna kuona munthu akuyankha foni guluu wa matayilosi akuuma mu ndowa, ndiye iwe ukadikira yankho langa amisiri ndi anyamata awo angokhala pansi pa mtengo theka la tsiku, nsima adya, tsiku lapita, chifukwa cha misomali basi.

Ndiye usanandiyimbire uzidzifunsa kuti, ndikaganiza ndekha nkulakwitsa, kukonza kwake kudya zingati? Misomali ukagula yolakwika siwola, idzagwira ntchito pa denga kapena ukasinthitsa ku hadiweya ngati wasunga lisiti. Mchenga ukachuluka udzagwira pa pulasitala. Penti ngakhale utasankha mtundu woti ine sindiukonda tidzapakanso, palibe wafa. Zoterezi ganiza wekha, funsa amisiri, gula, madzulo ungonditumizira chithunzi cha lisiti pa WhatsApp.

Koma chilichonse chimene simenti ikachikwirira sichionekanso, chimenecho ndiye uime kaye. Ndipo mwafika pomwepo tsopano, pa silabu.

Nyumba ija ndi mamita 9 kwa 8, ndiye pansi ponse ndi masikweya mita 72. Silabu ya masentimita 10 kuchindikala kwake, mukasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale, idya matumba pafupifupi 45 a makilogalamu 50. Ndalama imeneyo ndi ya miyezi ingapo ndikugwada pa matayilosi kuno. Tsono pansi pa silabu imeneyo pamadutsa mapaipi a toyileti ndi bafa, ndipo amayenera kuyalidwa konkire isanathiridwe. Paipi ya toyileti ndi yaikulu ija ya mamilimita 110, ndipo siyiyalidwa mowongoka ngati tebulo, imayenera kutsetsereka pang'ono pang'ono kulowera kunja, pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona fulati zonyansa zimaima m'kati, ndipo vuto lake simungalione tsiku lothira, lidzaoneka anthu atalowa kale m'nyumba, madzi mu toyileti akukwera kaye asanatsike, fungo likubwerera. Kukonza kwake ndi kuswa matayilosi, kuswa konkire ndi nyundo, kung'amba pulasitiki wa pansi uja amene amatchinga chinyezi, ndipo chigamba chake sichigwirana bwino ndi konkire yakale. Ku Mzuzu ndi mvula yathu ija yosadziwa kusiya, pamalo pamene pulasitiki wang'ambika chinyezi chimapeza njira.

Unandiuza kuti amisiri akufuna kuti paipi itulukire mbali ya kumsewu chifukwa ndi pafupi ndipo paipi imodzi ipulumuka. Maganizo awo si opusa, koma pulotiyo ndi yotsetsereka ndipo kumsewu ndi kumtunda. Septiki thanki imafunika kumunsi, komanso patali ndi chitsime cha aneba aja. Apa mukaganiza bwino mwapulumutsa paipi imodzi, mukalakwitsa mwaononga chipinda chonse, ndiye taona kusiyana kwake. Kudikira ine tsiku limodzi pa nkhani ngati iyi ndi kotchipa kwambiri.

Chimene muchite ndi ichi. Pulambala akayala mapaipi, musakwirire. Thirani ndowa ya madzi pakamwa pa paipi ya toyileti wina aime kunja aone ngati madzi onse atuluka mothamanga, ukaona akutuluka mwaulesi kapena akudontha polumikiza, akonze pomwepo pamene kukonza kwake ndi kungofukula dothi ndi fosholo. Ujambule kavidiyo, ujambulenso tepi ikuonetsa kutalika kuchokera pakhoma kufika pakati pa paipi, unditumizire. Ndipo izi zichitike dzulo lake la tsiku lothira, osati m'mawa konkire ili kale mu wilibala, chifukwa simenti ikakhudza madzi siyidikira munthu, pakatha ola limodzi kapena awiri yayamba kugwira ndipo funso lako lafika mochedwa. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi, ikakwana 7 koloko madzulo ndimakhala ndafika ku chipinda.

Malata nawonso chimodzimodzi, ngakhale tisanafikepo ndinenerepo. Akadula pa muyezo umene wawapatsa, sabwezedwa. Ndiye muyezo uchokere pa denga lenileni matabwa atakhomedwa, osati papepala. Za geji usasokonezeke, nambala yaing'ono ndiye lata lochindikala, geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32, wogulitsa akakuuza kuti zonse ndi zimodzi usavomere uli pomwepo.

Pali zina zapakatikati zoti sungadziwe kuti ndi zazikulu kapena zazing'ono, monga mafelemu a mawindo kapena mtundu wa matayilosi. Pamenepo chepetsa chimene ungataye. Gula limodzi kaye muyese pakhoma, kapena funsa mwini shopu musanalipire ngati amalola kusinthitsa ndipo alembe pa lisiti. Ukatero ngakhale ulakwitse walakwitsa pa felemu limodzi, osati onse.

Ndalama yotumiza pa foni ndiye usaganize n'komwe. Ukalandira uthenga pa nambala yachilendo woti ndine, foni yanga yatayika, tumiza ku Airtel Money iyi kapena Mpamba iyi, usatumize mpaka wamva mawu anga ndi khutu lako. Yatuluka yatuluka, kuibweza ndi nkhondo.

Koma aphwanga pali nkhani imodzi imene sindikufuna kufunsidwa. Amayi akadwala, thupi latentha kapena akudandaula pachifuwa, kapena mwana watentha thupi usiku, usayambe kundisaka pa foni kuti titenge ku ndalama ya simenti kapena ayi. Tenga, peza galimoto, pitani kuchipatala, kaya ku Central kaya ku St John's kumene kuli pafupi nthawi imeneyo. Mukapeza kuti kanali kachimfine chabe mwataya ya thiransipoti basi, ndibweza mwezi ukatha. Koma malungo pa mwana sadikira kuti ine nditsegule foni nthawi ya nkhomaliro. Ine mudzandiuza muli kale pa benchi ya chipatala.

Silabu mukathira musaiwale kuithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, anyamata asayambe kuunjikapo njerwa mawa lake. Uwauze amayi kuti bulangete lawo ndagula, ndipatsira munthu wa basi mwezi ukubwerawu. Lamulungu madzulo ndiyimba, pulambala akhale pafupi ndilankhule naye ndekha.

Ndine mkulu wako,
ku Joni