Lipoti la maphunziro a asungichuma: zopereka za kumayambiriro ndi za kumapeto kwa mwezi

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, tabwerako ku maphunziro a asungichuma omwe munatitumako kuno ku Mzuzu. Zinakambidwa zambiri, koma takubweretserani nkhani imodzi yokhudza buku lathu la masheya ndi ngongole: anyuwiti.

Anyuwiti ndi ndalama yofanana yoperekedwa mobwereza pa nthawi zoikika, monga K50,000 mwezi ndi mwezi. Ikamaperekedwa mwezi utatha, ngati malipiro a pantchito, ndi anyuwiti wamba, yomwe aphunzitsi amaitchula kuti odinale. Ikamaperekedwa mwezi ukungoyamba, ngati lendi yomwe alandilodi a ku Chibavi kapena Chiputula amafuna munthu asanalowe m'nyumba, ndi anyuwiti yolipiriratu, kapena kuti dyu. Ndalama n'zofanana, miyezi n'chimodzimodzi. Kusiyana n'kwakuti pa yolipiriratu chopereka chilichonse chimakhala m'thumba mwezi umodzi woonjezera, chikubala chiwongoladzanja.

Tiyeseze ndi miyezi itatu, chiwongoladzanja chili 2 peresenti pamwezi. Mayi wopereka K50,000 pa 1 Januwale, 1 Febuluwale ndi 1 Malichi, tikawerengera pa 31 Malichi, yoyamba yabala katatu n'kufika K53,060.40, yachiwiri K52,020, yachitatu K51,000. Zonse pamodzi K156,080.40. Mnzawo wopereka kumapeto kwa miyezi yomweyo, yoyamba yabala kawiri kokha, K52,020, yachiwiri K51,000, ndipo yomaliza yangolowa tsiku lomwelo, ikadali K50,000. Iyeyu ali ndi K153,020. Mukachulukitsa K153,020 ndi 1.02 mupeza K156,080.40 ija. Njira yake ndi imeneyo: werengani ngati wamba, kenako chulukitsani kamodzi ndi `(1 + i)`, pomwe `i` ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi.

Pa chaka chathunthu, wopereka kumapeto amakhala ndi K670,604.49 ndipo woyambirira K684,016.58. Kusiyana ndi K13,412.09 pa munthu mmodzi. Ena anati n'zochepa, koma pa tsiku logawana mu Disembala ndalama ngati imeneyi imadanitsa anthu opemphera tchalitchi chimodzi.

Pomwe ambiri tinakodwa ndi apa. Kulipira pa 1 mwezi uliwonse sikutanthauza kuti anyuwitiyo ndi yolipiriratu. Chofunika ndi tsiku lomwe mgwirizano wayamba. Munthu akatenga ngongole pa 1 Januwale n'kubweza gawo loyamba pa 1 Febuluwale, wakhala ndi ndalamayo mwezi wathunthu. Imeneyo ndi wamba, ngakhale kalendala ikuonetsa kumayambiriro kwa mwezi. Imakhala yolipiriratu pokhapokha gawo loyamba litaperekedwa tsiku lomwelo losainirana. Choncho msungichuma asafunse kuti "mumalipira pa deti yanji", afunse kuti "kuchokera tsiku losaina kufika pa kulipira koyamba papita mwezi kapena ayi".

Pa ngongole zinthu zimatembenuka. Wobwereka K600,000 kwa miyezi 12 pa 2 peresenti amabweza K56,736 pamwezi ngati akuyamba mwezi ukatha. Akalipira gawo loyamba nthawi yomweyo, gawo limatsika kufika K55,623, chifukwa apa timagawa ndi 1.02 m'malo mochulukitsa. Asaganize kuti wachitiridwa chifundo: m'manja watuluka ndi K544,377 yokha, pakuti gawo loyambalo latsala pa tebulo.

Amene amasunga buku mu Excel, zonsezi zili pa nambala yomaliza ya fomula ya `FV`, yowerengera zosunga, ndi ya `PMT`, yowerengera gawo lobweza ngongole:

```
=FV(0.02,12,-50000,0,0)
=FV(0.02,12,-50000,0,1)
=PMT(0.02,12,-600000,0,1)
```

`0` ndi kumapeto, `1` ndi kumayambiriro. Mukasiya malowo opanda kanthu, kompyuta imatenga `0` osakuchenjezani, ndipo membala wopereka msanga amaberedwa mwezi umodzi. Pa kakyuleta ya zachuma zimenezi zimalembedwa `END` ndi `BGN`, ndipo imakhalabe pomwe wogwiritsa ntchito womaliza anaisiya.

Zolakwika zina ziwiri zimaoneka msanga. Wina amaika `1` kenako n'kuchulukitsanso ndi 1.02, yankho n'kukwera kufika K697,697. Wina amalemba 0.24 ya pachaka m'malo mwa 0.02 ya pamwezi, n'kupeza ndalama yoposa K2 miliyoni pa zopereka za K600,000. Poyesa ngati mwalondola pa zosunga, gawani yankho la yolipiriratu ndi la wamba. Likuyenera kutuluka 1.02 ndendende.

Pempho lathu ku komiti ndi lakuti pa fomu ya ngongole pawonjezedwe mizere iwiri, wa tsiku lolandira ndalama ndi wa tsiku la kubweza koyamba. Tikupemphanso kuti msonkhano wa mwezi wamawa ugamule ngati masheya olowa pakati pa mwezi, monga pa 10 kapena 15, aziwerengedwa ngati a kumapeto kwa mwezi umenewo, popeza fomula ziwirizi sizidziwa za pakati.